Chifukwa chake galasi limasweka pomwe chitsulo chimangopindika

Tailosi yapansi ndi yolimba moti msomali suyikanda. Poto wa aluminiyamu, ngakhale supuni imamusiyira zipsera. Koma mukagwetsa ziwirizi pa simenti, potoyo amangolowa m'kati pang'ono nkupitiriza ntchito yake, pomwe tailosi ija imamwazika zidutswazidutswa. Anthu ambiri amasokonezeka apa, ndipo funso lomweli limabweranso foni ikagwa: galasi lomwe ogulitsa amati silikandika, lasweka bwanji litangogwa kuchokera patebulo?

Chisokonezochi chimabwera chifukwa timaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Kukana kukandika ndi khalidwe lina, kukana kuti mng'alu upitirire ndi khalidwe linanso. Zinthu zomwe akatswiri amazitcha seramiki, kutanthauza zouma zosakhala zachitsulo zomwe nthawi zambiri zimapangidwa powotcha pamoto waukulu, monga mbale zadothi, matailosi, njerwa, komanso galasi lomwe ndi m'bale wake, zili ndi khalidwe loyambalo lochuluka koma lachiwirilo nlochepa kwambiri. Kuti timvetse, tiyenera kuyang'ana kamalo kochepetsetsa, kosaoneka ndi maso: nsonga ya mng'alu.

Mphamvu imaunjikana pansonga

Wogulitsa nsalu pamsika akafuna kukudulirani chitenje, salimbana nayo nsalu yonse. Amangotema pang'ono m'mphepete ndi sizasi, kenaka nkukoka, nsalu ija ng'aa! mpaka kumapeto. Mutayesa kukoka nsalu yomweyo isanatemedwe, manja angatope isanang'ambike. Mphamvu ya manja ndi yomweyomweyo, chomwe chasintha nchakuti tsopano yonse ikuthera pa ulusi umodzi kapena iwiri yomwe ili pamapeto a potemedwapo. Ulusiwo ukaduka, wotsatira ndiye umalandira katundu yense, nawonso nkuduka.

M'chitsulo kapena m'galasi zimachitika chimodzimodzi. Mainjiniya amayeza kukokedwa kwa chinthu ndi muyeso wotchedwa sitiresi, womwe ndi mphamvu yogwera pa kachigawo kalikonse ka chinthucho. Amaulemba mu MPa, ndipo MPa imodzi ikufanana ndi kulemera kwa pafupifupi magalamu 100 pa kabwalo kotalika milimita imodzi mbali zonse. Chinthu chikakhala chopanda chilema, sitiresi imagawikana mofanana. Pakakhala bowo kapena mng'alu, mphamvu yomwe imayenera kudutsa pamenepo imalambalala, nkudzapanikizana m'mphepete mwake.

Mu 1913, katswiri wa ku Britain, Charles Inglis, anawerengera kukula kwa kupanikizanaku pa bowo looneka ngati dzira. Zomwe anapeza zimalembedwa motere:

```
σ_max = σ (1 + 2√(a/ρ))
```

Pano σ_max ndi sitiresi ya pansonga, σ ndi sitiresi ya chinthu chonse, a ndi kuya kwa mng'alu wa pamwamba, ndipo ρ ikuimira kusongoka kwa nsonga: ikachepa, ndiye kuti nsongayo ndi yakuthwa. Pa bowo lozungulira bwinobwino, a ndi ρ zimafanana, choncho sitiresi m'mphepete imakhala kuchulukitsa katatu basi. Koma titenge kachipsera pagalasi kakuya mamilimita 0.01, komwe nsonga yake ndi yakuthwa kufika pa mamilimita 0.000001. Kugawa ziwirizi kukupereka 10,000, muzu wake ndi 100 poti 100 kuchulukitsa ndi 100 ndi 10,000, ndiye sitiresi pansonga ikuchulukitsidwa pafupifupi ka 200. Galasi lomwe likukokedwa ndi 50 MPa, pansonga ya kachipserako likumva pafupifupi 10,000 MPa. Zomangira zomwe zimagwirizanitsa maatomu a galasi zimaduka penapake pafupi ndi 7,000 MPa. Nkhani yathera pomwepo: chomangira chapansonga chimaduka, mng'alu umatalika pang'ono, sitiresi pansonga yatsopano imakwera kuposa kale, ndipo zimapitirira choncho. M'galasi mng'alu ungathamange pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, nchifukwa chake palibe amene amauona ukuyenda. Mumangomva phokoso, zinthu zatha kale.

Uku ndiye kusweka kwadzidzidzi komwe tikukamba: chinthu sichipindika, sichitamuka, sichichenjeza. Mukatola zidutswa nkuzilumikiza, zimakwanirana ngati sizinasiyanepo.

Wodula magalasi a mawindo amadya za lamulo limeneli tsiku lililonse. Kawilo kake sikadula galasi ayi. Amaika rula, nkukoka kamodzi kokha, kumveka kaphokoso kosalekeza, ndipo pagalasi pamatsala kamzere kosaya konse. Kenaka amapinda galasilo kuti mbali ya kamzereyo ikokedwe, osati kupanikizidwa, ndipo limathyoka motsata mzere. Atalipinda chammbuyo, kamzereko kangatsekeke ndipo galasi lingathyokere kwina kosafunika. Mng'alu umaopa kupanikizidwa, umakula ndi kukokedwa. Mfundoyi tiisunge, ibweranso.

Griffith ndi timaulusi ta galasi

Lamulo la Inglis lili ndi vuto limodzi. Ngati nsonga ili yakuthwa kotheratu, masamuwo akunena kuti kamng'alu kalikonse, ngakhale kochepa bwanji, kayenera kuswa chinthu ndi kamphamvu kochepetsetsa. Koma tikudziwa kuti mawindo okandikakandika amakhala zaka zambiri osasweka.

Yemwe anamasula mfundoyi ndi Alan Griffith, wa ku malo ofufuzira za ndege a Farnborough ku England, cha mu 1920. Iye anapanga timaulusi ta galasi tosiyana kunenepa nkumatikoka mpaka kuduka. Anaona kuti kaulusi kakaonda, kamapirira sitiresi yokulirapo, kuyandikira mphamvu yeniyeni ya zomangira za maatomu. Tanthauzo lake nlakuti galasi palokha si lofooka. Lomwe timagwiritsa ntchito ladzala timing'alu tosaoneka, tobwera ndi fumbi, kukhudzana ndi zinthu zina ndi kapangidwe, ndipo kaulusi kowonda katsopano kamakhala ndi zilema zochepa komanso zing'onozing'ono.

Griffith anaiona nkhaniyi ngati ya malonda a mphamvu. Chinthu chokokedwa chimasunga mphamvu m'kati mwake. Mng'alu ukatalika, mbali zoyandikana nawo zimamasuka nkutulutsa mphamvuyo. Koma kung'amba kulinso ndi mtengo wake, poti zomangira ziyenera kudulidwa. Mng'alu umayenda pokhapokha mphamvu yotulukayo ikakwanira kulipira mtengowo. Popeza mng'alu wautali umatulutsa mphamvu yambiri pa sitepe iliyonse pomwe mtengo wa sitepe susintha, pali kutalika kwina komwe kuli malire. Pansi pa malirewo mng'alu umangokhala phee. Ukangowadutsa, suimanso.

Nambala imodzi yofanizira zonse

M'zaka za m'ma 1950, George Irwin wa ku malo ofufuzira a asilikali apamadzi a ku America anasandutsa ganizoli kukhala chida chomwe mainjiniya amagwiritsa ntchito mpaka lero. Anaphatikiza sitiresi ndi kutalika kwa mng'alu kukhala nambala imodzi, K, yosonyeza kuti nsonga ikukankhidwa motani:

```
K = Y σ √(π a)
```

Y ndi kanambala kodalira maonekedwe a chinthu ndi malo a mng'alu. Pa mng'alu waung'ono wa m'mphepete kamakhala 1.12, ndipo m'kuwerengera kwathu tingotenga 1 kuti zisavute. Mtundu uliwonse wa chipangizo uli ndi K yomwe ungapirire, yolembedwa K_Ic, yomwe tiitche kukana mng'alu. Amaiyeza podula kachidutswa, kuyambitsamo mng'alu wakuthwa mwadala, nkukakoka mpaka mng'aluwo utayamba kuthamanga. Muyeso wake ndi MPa√m. Galasi la mawindo lili pa 0.75 kapena chapomwepo. Alumina, seramiki yoyera yomwe ili pa pulagi ya injini, ili pakati pa 3 ndi 5. Zitsulo za aluminiyamu zomangira ndege zili cha pa 20 mpaka 45. Chitsulo chabwino chomangira milatho ndi sitima, nyengo ikakhala yofunda, chimafika 100 ngakhale kuposa.

Tsopano titembenuze lamuloli kuti litiuze chomwe chili chofunikadi: mng'alu ungakule kufika pati chinthu chisanasweke?

```
a = (1/π) (K_Ic / σ)²
```

Tiike zinthu zitatu pa sitiresi yofanana ya 50 MPa. Pa galasi, 0.75 kugawa ndi 50 ndi 0.015, kuichulukitsa ndi iyo yokha ndi 0.000225, kugawa ndi 3.14 kukupereka mamita 0.00007, omwe ndi mamilimita 0.07. Uku ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pa alumina ya K_Ic ya 4, masamu omwewo akupereka mamilimita awiri. Pa chitsulo cha 100, akupereka mita imodzi ndi masentimita 27.

Taimani pa manambalawa pang'ono, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa. Mng'alu woopsa m'chitsulo ndi woti munthu wongodutsa ndi tochi amauona, nkuitana wowotcherera. Mng'alu woopsa m'galasi ndi woti mchenga wa m'thumba la buluku umaupanga, ndipo palibe amene angauone. Onaninso kuti m'lamuloli muli kuchulukitsa nambala ndi iyo yokha. Mukakweza sitiresi kanayi kufika pa 200 MPa, mng'alu wololedwa umachepa ka 16: chitsulo chimatsikira pa masentimita 8, alumina pa mamilimita 0.13. Seramiki ikhoza kunyamula katundu wotere, ndipo zidutswa zopangidwa bwino zimanyamuladi, koma pokhapokha ngati m'kati mwake mulibe kamphako kapena kanjere kachilendo koposa pamenepo.

Apa mpomwe pachokera khalidwe lina lomwe limavutitsa opanga zinthu. Mipiringidzo khumi yachitsulo yochokera m'ng'anjo imodzi imayamba kupindika pa katundu wofanana. Timitengo khumi ta seramiki timathyoka pa katundu wosiyanasiyana, kena msanga kena mochedwa, chifukwa kalikonse kamathyokera pa chilema chake chachikulu, ndipo zilemazo sizifanana. Chinthu chikakula, mwayi wokhala ndi chilema chachikulu umakulanso, motero seramiki yaikulu imakhala yofookerapo kuposa yaing'ono ya dothi lomwelo. Mainjiniya amawerengera zimenezi ndi masamu a mwayi omwe anayambitsa Waloddi Weibull wa ku Sweden mu 1939.

Chomwe chitsulo chimachita pansonga

Kusiyana kwa 0.75 ndi 100 sikuchokera poti zomangira za maatomu a chitsulo nzamphamvu kuposa za seramiki. Nthawi zambiri za seramiki ndiye zamphamvu. Kusiyana kuli pa zomwe maatomu amatha kuchita akapanikizika.

M'chitsulo, maatomu amagawana maelekitironi onse pamodzi, choncho atomu silisamala kwenikweni kuti mnansi wake ndi uti. Mizere ya maatomu ikhoza kutsetsereka pamwamba pa inzake, osati yonse nthawi imodzi, koma pang'onopang'ono kudzera m'timakwinya ta m'kati totchedwa disilokeshoni. Sitiresi pansonga ya mng'alu ikakwera kufika poyambira kupindika, chitsulo chozungulira nsongayo chimatsetsereka. Zotsatira zake ndi ziwiri. Nsonga imabuntha, ndiye ρ ya Inglis ija imakula ndipo kuunjikana kumachepa. Chachiwiri, kutsetserekako kumadya mphamvu yambiri, yomwe imasanduka kutentha. Aliyense amene anapindapo waya kangapo nkuugwira amakudziwa. Pa chitsulo chofewa chomangira, dera lopindikali lingafike pa sentimita imodzi kapena kuposa kutsogolo kwa nsonga.

M'seramiki, atomu lililonse lamangidwa kwa anansi ake enieni pa ngodya yokhazikika, kapena maatomu a magetsi otsutsana akhala mosinthanasinthana moti kutsetsereka kungakumanitse ofanana omwe amakankhana. Disilokeshoni imavutika kuyenda pa kutentha kwa masiku onse. M'galasi mulibe nkomwe mizere yoti itsetsereke. Nsonga imakhalabe yakuthwa, ndipo mtengo wa kung'amba umangokhala wa kudula zomangira. Mukausintha kukhala mphamvu, yomwe imayezedwa mu majulo, kung'amba sikweya mita imodzi ya galasi kumafuna majulo osafika 10, pomwe ya chitsulo chija imafuna pafupifupi majulo 50,000. Kulephera kutsetsereka komweko nkomwe kumachititsa kuti seramiki isakandike. Ubwino wake ndi vuto lake zili ndi muzu umodzi, ndipo nchifukwa chake kupeza chipangizo cholimba kwambiri chomwenso chimakana mng'alu ndi ntchito yovuta.

Amakanika ali ndi njira yakale yomwe imatsata masamuwa ngakhale sanawaonepo. Chitsulo chikang'aluka, amaboola bowo pamapeto penipeni pa mng'alu. Mng'alu wa mamilimita 10 wokhala ndi nsonga ya mamilimita 0.001 umachulukitsa sitiresi ka 200. Mukaboolapo bowo la mamilimita 6, kuchulukitsako kumatsikira pa kasanu. Ndi chithandizo chongoyembekezera, komanso chimagwira pokhapokha bowolo lameza nsonga yeniyeni, yomwe kawirikawiri imakhala patsogolo pa pomwe maso akuonera.

Chitsulo chikasanduka galasi

Tisaganize kuti chitsulo chilichonse nchotetezeka. Tupa ndi chitsulo, koma mukaigwetsa pa simenti kapena kuipinda, imangothyoka, poti inaumitsidwa pamoto kuti izidya zitsulo zinzake, ndipo kuumitsako kunatsekereza kutsetsereka. Kuzizira nakonso kumachita zomwezo pa zitsulo wamba zomangira.

Pa 16 Januwale 1943, sitima yonyamula mafuta yotchedwa Schenectady inali itaima padoko ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America. Inali yatsopano, itangobwera koyesedwa. Madzi anali bata koma ozizira kwambiri, pafupifupi madigiri 4. Mwadzidzidzi inang'aluka pakati, kuchokera pamwamba kutsika mbali zonse ziwiri, mutu ndi mchira nkutsamira pansi pamtsinje. Siinali yokha. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, America inamanga mwachangu sitima 2,710 za mtundu wa Liberty, ndipo zambiri zinang'aluka, zina mpaka kuduka pawiri, makamaka m'madzi ozizira a kumpoto.

Poyamba ambiri analoza chala owotcherera, omwe ochuluka anali atangophunzira ntchito. Constance Tipper wa ku yunivesite ya Cambridge anasonyeza kuti chitsulo chenichenicho chinali ndi mlandu: chinali ndi mlingo wa kutentha womwe pamwamba pake chimapindika, pansi pake chimasweka ngati mbale, ndipo mlingowo unali pafupi ndi kuzizira kwa madzi omwe sitimazo zinkayendamo. Zinthu zina ziwiri zinawonjezera moto. Makomo olowetsera katundu anali ndi ngodya zakuthwa, malo abwino oyambira mng'alu. Komanso sitima zakale zinkalumikizidwa ndi mariveti, moti mng'alu ukafika kumapeto kwa chipepala chimodzi chachitsulo unkaima, pomwe sitima yowotcherera ndi chitsulo chimodzi chokhachokha, mng'alu umangodutsa. Anakonza pozungulitsa ngodyazo, kuika malamba omangidwa ndi mariveti oimitsa ming'alu, kenaka kusintha kapangidwe ka chitsulo.

Masamu athu aja akufotokoza bwino. Ngati kuzizira kwatsitsa K_Ic kuchoka pa 100 kufika pa 30, pa sitiresi ya 200 MPa mng'alu wololedwa umachoka pa masentimita 8 kufika pa mamilimita 7. Chilema cha mamilimita 7 m'mowotcherera si chachilendo. Kumenya mwadzidzidzi komanso kunenepa kwa chitsulo nazonso zimachepetsa kukana mng'alu, pomwe aluminiyamu ndi kopa sizikhala ndi kusintha kwa kuzizira kotere. Lero zitsulo za sitima ndi milatho zimayesedwa ndi muyeso wa Charpy: kachidutswa kotemedwa pakati kamamenyedwa ndi nyundo yolendewera pa kuzizira kosiyanasiyana, nkuona mphamvu yomwe kadya pothyoka.

Kuwerenga pothyoka

Pothyoka pamanena zomwe zinachitika. Chitsulo chomwe chinapindika kaye chimaonda pafupi ndi pothyokapo, ndipo nkhope yake imakhala yotuwa, yokhakhala ngati ulusi. Chothyoka mwadzidzidzi sichionda, nkhope yake ndi yathyathyathya yonyezimira timanjerenjere, ndipo nthawi zambiri pamakhala mizere yooneka ngati mivi yoloza komwe mng'alu unayambira. Pagalasi, mukatsata mizereyo mumafika pa kamalo kosalala ngati kalilole, kozunguliridwa ndi chifunga kenaka mikwingwirima. Pakati pa kakalilole mpamene panali chilema. Kakakhala kakang'ono, sitiresi inali yaikulu, monga kumenyedwa. Kakakhala kotakata, galasilo linasweka ndi mphamvu yochepa chifukwa chilema chinali chachikulu.

Zisanasweke, khutu limathandiza. Amayi ogula mphika kapena mtsuko amaugogoda ndi chala: wathunthu umalira ngwee, wong'aluka umangoti phwa, chifukwa milomo ya mng'alu imakhulana nkumeza kulirako. Njirayi imagwira ming'alu ikuluikulu yokha. Ing'onoing'ono imafuna utoto wolowerera kapena makina a mafunde a phokoso. Ndipo galasi lili ndi chizolowezi china chobisika: chinyezi cha mumpweya chimadya zomangira zokokedwa za pansonga, motero mng'alu womwe uli pansi pa malire umakwawa pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi. Shelefu yagalasi yomwe imasweka usiku popanda woikhudza nthawi zina imakhala kuti yafa imfa imeneyi.

Kukhala ndi seramiki mwamtendere

Njira yoyamba ndi kuipanikiza osati kuikoka. Kupanikizidwa kumatseka ming'alu, choncho seramiki imapirira kupanikizidwa kuposa kukokedwa kakhumi kapena kuposa. Khoma la njerwa limanyamula denga mosavuta, koma konkire ya pamwamba pa khomo imafuna mipiringidzo yachitsulo chakumunsi kwake, komwe kuli kukokedwa.

Yachiwiri ndi kuphunzitsa seramiki kulimbana ndi nsonga. Mu 1975, Garvie, Hannink ndi Pascoe a ku Australia anasonyeza kuti zikoniya yosakanizidwa bwino ili ndi timanjere tomwe timasintha kakhalidwe ka maatomu ake tikamva sitiresi ya mng'alu, nkufufuma ndi magawo pafupifupi 4 pa 100. Kufufumako kumafinya nsonga kuti itseke. Zikoniya yotere imafika K_Ic ya 5 mpaka 10, ndipo ndi yomwe amapangira mano oikirira ndi mipeni yoyera yakukhitchini. Kwa seramiki ndi nambala yaikulu. Kwa chitsulo idakali kakhumi pansi, ndiye mpeni wotere sauyesa pa fupa.

Yachitatu ndi kumangirira kupanikizika m'khungu la galasi. Galasi la m'mbali mwa galimoto amalitenthetsa kupitirira madigiri 600 nkuliziziritsa mwachangu ndi mphepo. Khungu limauma msanga, m'kati mumadzafota pambuyo nkulikoka, choncho khungu limatsala lopanikizika pomwe m'kati muli mokokedwa. Pa galasi la foni amafika pomwepo ndi mankhwala: amaliviika mu mchere wa potaziyamu wosungunuka, maatomu aakulu a potaziyamu nkulowa m'malo mwa ang'onoang'ono a sodiyamu, kuthinitsa khungu. M'njira zonse ziwiri K_Ic ya galasi siisintha kwenikweni. Chasintha nchakuti katundu ayenera kugonjetsa kaye kupanikizika kwa khungu asanayambe kutsegula kachipsera kalikonse. Khungu la foni ndi lopyapyala, losafika gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Foni ikagwera pa kanjere kakuthwa ka mchenga kapena mwala, kanjereko kakhoza kuboola khungulo nkufika m'kati mokokedwa, ndipo kuchokera pamenepo mng'alu umadziyendetsa wokha. Pa chifukwa chomwechi, galasi loumitsidwa ndi moto silidulidwa kapena kubooledwa likatuluka kufakitale: kawilo kakangopyola khungu, lonse limayoyoka timiyalamiyala. Wofuna loterolo pachitseko kapena patebulo ayenera kupereka miyeso ndi malo a mabowo onse asanaliumitse.